Kaundula wa mafuta: momwe mwini galimoto angadziwire mtengo weniweni wa ulendo wa ku Lirangwe

Blantyre: Munthu amene akuchita bizinesi yonyamula katundu pakati pa Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre angathe kumaona ndalama zikulowa tsiku ndi tsiku, koma pakutha pa mwezi n'kupeza kuti m'thumba mulibe kanthu. Nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala lakuti mtengo wa ulendo unatchulidwa mongoganizira, popanda kudziwa kuchuluka kwa mafuta amene galimotoyo imamwa pa kilomita iliyonse.

Funso limeneli limayankhidwa ndi kaundula wa mafuta, yemwe madalaivala ambiri amamutcha logibuku. Kaundulayu sasowa zipangizo zapamwamba ayi, chifukwa kope la pasukulu ndi cholembera n'zokwanira. Chofunika ndi kulemba manambala oyenera pa nthawi yoyenera, ndiponso kuwerengetsa kuchokera pamene thanki inadzadza kufikira pamene yadzadzanso. Akuluakulu a m'maofesi amene amavomereza kulipira galimoto za hayala, kapena kuyang'anira galimoto za boma, angathe kugwiritsa ntchito njira yomweyi poyesa ngati ndalama zimene zapemphedwa zili zomveka.

Msewu umene tikuunena

Galimoto yochokera ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, imatsata msewu wolowera mumzinda wa Blantyre mpaka pa Kameza. Pamenepo imakhotera kumpoto mumsewu waukulu wa M1, n'kudutsa pa Lunzu isanafike pa Lirangwe. Msewu womwewu umapitirira ku Mdeka mpaka pa mlatho wa Shire ku Zalewa.

Pali chinthu chimodzi chokhudza msewuwu chimene mwini galimoto ayenera kukumbukira. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda, ndipo dziko limanka litsika polowera ku Shire. Choncho lole yodzadza ndi katundu imene ikuchokera ku Lirangwe kulowera ku Kameza imakhala ikukwera kwambiri kusiyana ndi kutsika, ndipo imamwa mafuta ochulukirapo poyerekeza ndi pamene katundu yemweyo akupita ku Lirangwe. N'chifukwa chake kaundula ayenera kuonetsa mbali imene galimoto inayenda ili ndi katundu ndi mbali imene inayenda yopanda kanthu.

Zolemba m'kaundula

Kaundula wabwino amakhala ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba n'cha mafuta, ndipo chimalembedwa nthawi iliyonse galimoto ikamwetsedwa. Pamzere umodzi pamalembedwa tsiku, nambala imene ikuoneka pa mita yowerenga mtunda, malita amene athiridwa, ndalama zimene zalipidwa, komanso mawu osonyeza ngati thanki yadzadza kapena ayi. Lisiti ya pamalo omwetsera mafuta imamatidwa kuseri kwa tsamba lomwelo.

Chigawo chachiwiri n'cha maulendo. M'menemu dalaivala amalemba kumene wachokera, kumene wapita, nambala ya pa mita ponyamuka ndi pofika, katundu amene wanyamula ndi dzina lake. Lamulo la chigawo chimenechi ndi lakuti nambala yofikira ulendo wina ikhale yomweyo yonyamukira ulendo wotsatira. Pakakhala mpata pakati pa manambala awiriwo, ndiye kuti galimoto inayenda ulendo umene sunalembedwe.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndicho kulemba ndalama zokha, monga "mafuta a K50,000", popanda malita. Ndalama zimasintha phindu lake mtengo wa mafuta ukasintha, pomwe lita imakhala lita chaka chilichonse. Kaundula wolembedwa m'makwacha okha sangathe kuonetsa ngati galimoto yayamba kumwa kwambiri kapena ngati ndi mtengo chabe umene wakwera.

Chitsanzo cha sabata imodzi

Tiyerekeze lole ya matani atatu yoyendera dizilo, imene imagona ku Chileka ndipo imanyamula matumba kupita nawo ku Lirangwe. Manambala a galimoto imeneyi ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe, ndipo mwini galimoto aliyense ayenera kuika ake. Tinene kuti kuchokera pamalo opakirira mpaka pamalo otsitsira mita imaonetsa makilomita 34, kutanthauza makilomita 68 kupita ndi kubwera.

Lolemba m'mawa dalaivala wadzadza thanki mpaka pakamwa, mita ikuonetsa 84,200. Mafuta a tsiku limeneli salowa m'chiwerengero cha sabatayi, chifukwa akubwezera mafuta amene anapsa sabata yapitayo. Ntchito ya mzere umenewu ndi kungoika poyambira.

Lachitatu wathira malita 20 mita ili pa 84,410, koma thanki sinadzadze. Lachisanu wathiranso malita 15 mita ili pa 84,600, ndipo apanso sinadzadze. Loweruka madzulo wadzadza thanki mpaka pomwe inalekezera Lolemba paja, ndipo palowa malita 35 mita ili pa 84,760.

Tsopano kuwerengetsa kungayambe. Mtunda umene loleyo yayenda ndi 84,760 kuchotsera 84,200, omwe ndi makilomita 560. Mafuta amene apsa ndi onse amene anathiridwa pambuyo pa kudzadza koyamba kuja, kuphatikizapo a kudzadza komaliza: malita 20, 15 ndi 35, onse pamodzi malita 70. Tikagawa malita 70 ndi makilomita 560 tikupeza malita 0.125 pa kilomita imodzi. Kunena kwina, lita imodzi ikuyendetsa loleyo makilomita 8, ndipo makilomita 100 akufuna malita 12.5. Manambala atatuwa akunena chinthu chimodzi, ndipo ndi bwino kusankhapo imodzi n'kumaigwiritsa ntchito nthawi zonse. Nambala ya malita pa kilomita ndiyo yosavuta powerengera ndalama, chifukwa imangochulukitsidwa ndi mtengo wa lita.

Chifukwa chodzadzira thanki

Wina angafunse kuti n'kudikiriranji mpaka Loweruka, pomwe mzere uliwonse uli ndi malita ake ndi makilomita ake. Yankho likuoneka tikayesa kuwerengetsa mzere uliwonse pawokha.

Pofika Lachitatu loleyo inali itayenda makilomita 210 ndipo inathiridwa malita 20, zimene zikuoneka ngati makilomita 10.5 pa lita. Pofika Lachisanu inayenda makilomita 190 n'kuthiridwa malita 15, ngati kuti lita ikuyenda pafupifupi makilomita 13. Loweruka inali itangoyenda makilomita 160 koma inamwa malita 35, ngati kuti lita siikukwana ngakhale makilomita 5.

Mwini galimoto woona manambala amenewa angasangalale Lachisanu, kenaka Loweruka n'kumunamizira dalaivala kuti wapopa mafuta. Chonsecho palibe chimene chinasintha pa injini kapena pa khalidwe la dalaivalayo. Malita amene athiridwa pa tsiku sakhala ofanana ndi malita amene apsa, pokhapokha thanki itabwerera pa mulingo umene inayambira. Lachitatu ndi Lachisanu thanki inali kutsalira ndi mpata, ndipo mpata wonsewo unadzatsekedwa Loweruka.

Geji ya mafuta nayo singadaliridwe pa ntchito imeneyi. Muvi wake umangoonetsa mwachisawawa, umasuntha galimoto ikaima potsetsereka, ndipo theka la pa geji silikhala theka lenileni la thanki nthawi zonse. Pofuna kuti kudzadza kuwiri kufanane, galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya, makamaka pa pampu yomweyo, ndipo othira aleke pa mulingo umodzimodzi.

Kuchokera pa malita kufika pa makwacha

Mitengo ya mafuta m'dziko muno imalengezedwa ndi bungwe la Mera. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa dizilo unafika pa K2,734 pa lita ndipo wa petulo pa K2,530. Pa 1 Okutobala 2025 dizilo anakwera kufika pa K3,500 ndipo petulo pa K3,499. M'chitsanzo chathu tigwiritsa ntchito K3,500 ya m'mwezi umenewo, koma powerengera zenizeni munthu atenge mtengo umene uli pa lisiti yake, chifukwa mitengoyi imasinthasintha.

Malita 0.125 kuchulukitsa ndi K3,500 akupereka K437.50. Imeneyi ndiyo ndalama ya mafuta pa kilomita iliyonse imene loleyo yayenda. Ulendo wa makilomita 34 wopita ku Lirangwe ukudya K14,875.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mwini katundu amaona makilomita 34 okha amene katundu wake wayenda, koma loleyo iyenera kubwerera ku Chileka. Ngati palibe katundu wobwera naye, ulendo wobwererawo uyenera kulipidwa ndi katundu yemwe uja. Makilomita 68 akufuna malita 8.5, omwe ndi K29,750. N'zoona kuti lole yopanda kanthu imamwa pang'ono kusiyana ndi yodzadza, koma nambala ya 0.125 ija inachokera m'sabata imene munali maulendo a mitundu yonse iwiri, choncho ndi yoyenera pa ulendo wopita ndi kubwera. Sikoyenera kuigwiritsa ntchito pa mbali imodzi yokha, monga lole yodzadza ikukwera kuchokera ku Lirangwe, n'kumayembekezera kuti ilondola ndendende.

Makilomita opanda olipira

Chigawo cha maulendo chikuonetsa kuti m'sabata ija loleyo inapita ku Lirangwe kasanu ndi kawiri. Maulendo 7 a makilomita 68 ndi makilomita 476, koma mita yaonetsa 560. Pali makilomita 84 otsala.

Makilomita amenewa sakusonyeza chinyengo mwa iwo okha. Mwina loleyo inapita kugalaja mumzinda, mwina inazungulira kufunafuna malo amene kuli dizilo, kapena inapita kukaona katundu amene mwini wake anasintha maganizo. Chachikulu n'chakuti kilomita iliyonse ikhale ndi mzere wake m'kaundula. Ngati mizere ya maulendo otere ikungokwana makilomita 50, ndiye kuti makilomita 34 otsalawo ndi amene dalaivala ayenera kufotokoza.

Kaya afotokozedwa kaya ayi, makilomita 84 aja anadya malita 10.5, omwe ndi K36,750, ndipo palibe kasitomala amene analipira ndalama imeneyi. Bizinesi imaibweza pokhapokha ikagawidwa pa maulendo amene analipidwa. K36,750 kugawa ndi maulendo 7 ndi K5,250. Tikaiwonjezera pa K29,750 ija tikupeza K35,000.

Pali njira yachidule yotsimikizira nambala imeneyi. Mafuta onse a sabatayi, malita 70 pa K3,500, ndi K245,000. Tikagawa ndi maulendo 7 tikupeza K35,000 yomweyo. Choncho ulendo umene poyamba unaoneka ngati wa K14,875 ukudya mafuta a K35,000, kuposa kuwirikiza kawiri. Ngati loleyo imanyamula matumba 60 a makilogalamu 50, thumba lililonse likusenza mafuta a pafupifupi K583.

Kaundula yemweyu amathandiza mtengo wa mafuta ukasintha. Pa mtengo wa K2,734 malita 70 aja akanagulidwa ndi K191,380, kapena K27,340 pa ulendo. Kusintha kwa mu Okutobala 2025 kunawonjezera K7,660 pa ulendo wotere. Mwini galimoto amene ali ndi nambala imeneyi angathe kukambirana ndi makasitomala ake mwachilungamo, ndipo ofesi imene yalandira pempho lokweza mtengo wa hayala ingathe kuona ngati kukwezako kukugwirizana ndi kukwera kwa mafuta.

Kwa amene amasunga kaundula pa kompyuta, tinene kuti tsiku lili mu A, nambala ya pa mita mu B, malita mu C ndipo ndalama mu D, Lolemba lili pamzere 2 ndipo Loweruka pamzere 5. Mzere woyamba m'munsimu ukupereka malita pa kilomita, wachiwiri makwacha pa kilomita:

```
=SUM(C3:C5)/(B5-B2)
=SUM(D3:D5)/(B5-B2)
```

Onani kuti kuwonkhetsa kukuyambira pamzere 3, osati 2, pa chifukwa chomwe chatchulidwa kale. Mzere wachiwiriwo ndi wothandiza makamaka pamene mafuta a m'sabata imodzi agulidwa pa mitengo yosiyana, chifukwa umatenga ndalama zenizeni zimene zinatuluka.

Mafuta si mtengo wonse wa ulendo. Oyilo ndi matayala zimatha malinga ndi mtunda, choncho mtengo wake umagawidwa ndi makilomita amene zimayenda. Mwachitsanzo, ngati kusintha oyilo ndi masefa kumadya K200,000 pa makilomita 5,000 aliwonse, ndiye kuti ndi K40 pa kilomita. Malipiro a dalaivala, inshuwalansi ndi ziphaso za pamsewu zimalipidwa kaya galimoto yayenda kaya ayi, ndipo zimagawidwa ndi chiwerengero cha maulendo a pamwezi. Zonsezi zimadalira makilomita ndi maulendo olembedwa m'kaundula yemweyu.

Pamene nambala yayamba kukwera

Sabata imodzi siikwanira kuweruzira galimoto. Pafunika kudzadza ndi kuwerengetsa kanayi kapena kasanu kuti mwini galimoto adziwe nambala imene galimoto yake imakhalapo masiku onse. Kusiyana kwapang'ono kwa sabata ndi sabata n'kwachibadwa, kaamba ka kulemera kwa katundu, mvula, matope a m'misewu ya kumidzi ndi kudzadza kosafanana kwa thanki.

Koma tinene kuti nambala yachoka pa 0.125 kufika pa 0.150. Pa pepala kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma ndi 20 peresenti. Pa makilomita 560 loleyo ikumwa malita 84 m'malo mwa 70, ndipo malita 14 owonjezerawo ndi K49,000 pa sabata pa mtengo wathu uja.

Kakweredwe ka nambalayo ndi kamene kamalozera kumene kuli vuto. Ikamakwera pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kawirikawiri vuto limakhala pa galimoto. Choyamba kuona ndi mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala lofewa limalemetsa galimoto. Chachiwiri ndi sefa ya mpweya, imene imatsekeka msanga ndi fumbi la m'chilimwe galimoto ikamachoka pa tala kulowa m'midzi. Utsi wakuda ndi kuchepa mphamvu pokwera mtunda zimasonyeza sefa yotsekeka kapena manozo otha. Gudumu limene likutentha kuposa anzake galimoto itayenda pang'ono limasonyeza kuti mabuleki akugwira. Dontho la dizilo pansi pomwe galimoto yagona limasonyeza paipi kapena thanki yothonya.

Nambala ikalumpha mwadzidzidzi sabata imodzi n'kubwerera sabata inayo, injini siikhala yolakwa kawirikawiri. Pamenepo m'pofunika kuona ngati lisiti ina sinalembedwe kawiri, ngati thanki inadzadzidwadi kumapeto kwa sabata yapitayo, kapena ngati mafuta ena sanathiridwe m'chigubu m'malo mwa m'thanki. Kumene kuli galimoto zingapo pali njira ina yosavuta, yosinthanitsa madalaivala kwa masabata awiri kapena atatu. Nambala yokwerayo ikatsala ndi galimoto, galimotoyo ipite kwa makaniko. Ikatsatira munthu, nkhani ndi ya kayendetsedwe kake kapena kasamalidwe kake ka mafuta. Ndi bwino kutsiriza kufufuza konseku munthu asanaimbidwe mlandu, chifukwa kuponda moto kwambiri, kulongeza katundu mopitirira muyezo ndi kusiya injini ikulira pamalo opakirira zimakwezanso nambala popanda wina kuba kanthu.

Pamene kaundula amanama

Kaundula amadalira mita ya mtunda, ndipo mita ikalakwa zonse zimalakwa. Galimoto zochokera ku Japan zimawerenga makilomita, koma zambiri zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, choncho wowerenga mamailosi ngati makilomita adzaona ngati galimoto yake ikumwa kwambiri kuposa momwe zilili. Matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo amachititsa mita kuwerenga mtunda wocheperapo. Mita ikafa, njira yotsala ndi kuyeza msewuwo ndi galimoto ina yabwino n'kumachulukitsa mtundawo ndi chiwerengero cha maulendo, ngakhale kuti potero maulendo osalembedwa sangaonekenso.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinachitikira m'zaka za 2011 ndi 2012 komanso mobwerezabwereza kuyambira mu 2022, imasokonezanso kaundula. Malo omwetsera mafuta amaika malire a malita amene galimoto imodzi ingathiridwe, motero thanki imatha masabata osadzadza. Zikatero mzere uliwonse uzilembedwabe, ndipo kuwerengetsa kudikire tsiku limene thanki idzadzadzenso, ngakhale patapita mwezi. Yankho limakhala lolondolabe malinga ngati palibe lita imene yaiwalika. Mafuta a m'zigubu ndi ovuta kwambiri, chifukwa chigubu chotchedwa cha malita 20 chimatha kukhala chosadzadza, ndiponso mafutawo amatha kukhala osakaniza ndi zina. Mzere wotere uikidwe chizindikiro, kuti nambala ya sabata imeneyo isagwiritsidwe ntchito poika mitengo.

Ofesala amene wapatsidwa kaundula kuti aunike angayambe ndi mafunso atatu. Kodi mizere yoyamba ndi yomaliza ikuonetsa thanki yodzadza? Kodi makilomita a m'chigawo cha maulendo akukwana makilomita a pa mita? Kodi malita a m'kaundula akufanana ndi a pa malisiti, ndipo palibe tsiku limene malita othiridwa aposa kukula kwa thanki? Zitatuzi zikagwirizana, nambala ya malita pa kilomita ingathe kukhulupiriridwa, ndipo mtengo wa ulendo wa ku Lirangwe ungawerengedwe kuchokera pa nambala imeneyo ndi mtengo wa pa pampu wa tsiku limenelo.